Manotsi osasakaniza mawu a eni ndi maganizo anu

"Anzanga ndithandizeni. A supavayiza andibwezera chaputala 2 akuti ndime zitatu ndakopera, chonsecho ine ndinalemba kuchokera m'manotsi anga. Sindinafune kuba ayi. Ndizilemba bwanji manotsi kuti zisadzachitikenso?"

Pepani achemwali, ndikudziwa mmene zimawawira, zinandigweraponso ndili chaka chachinayi. Vutolo linayamba tsiku lomwe munakhala mu laibulale n'kumalemba manotsi, osati tsiku lomwe munkalemba chaputalacho. Ine ndinakopera ziganizo ziwiri za m'buku mu Malichi, osaika chizindikiro chilichonse, n'kulemba maganizo anga pansi pake ndi cholembera chomwecho. Pofika Juni zonse zinkaoneka zanga, poti zinali m'kope langa komanso dzanja langa. Mutu suusunga mwini wa chiganizo kwa miyezi itatu. Chisungeni papepala nthawi yomweyo.

Chomwe ndimachita tsopano ndi ichi. Ndisanalembe kanthu, pamwamba pa tsamba ndimayamba ndalemba wolemba, chaka, mutu wa buku ndi osindikiza. Buku lililonse tsamba lakelake. Kenako mzere uliwonse umayamba ndi chilembo chimodzi mwa zitatu. M ndi mawu ake enieni, ndipo ndimawatsekera m'mitengero ndi nambala ya tsamba, ngakhale atakhala mawu anayi okha. C ndi chidule, mfundo yake koma m'mawu anga, nayonso ndi tsamba. G ndi ganizo langa, ndipo limeneli ndimalemba ndi cholembera chofiira. Mzere wopanda chilembo ndimautenga ngati wokopera mpaka nditaupeza komwe unachokera.

Pomwe ambiri timagwa ndi pa C, ndiye ndikhalitsepo. Tiyerekeze kuti buku, pa tsamba 47, likuti: "Alimi ambiri a ku Dedza amabzala nyemba pakati pa chimanga chifukwa malo olima ndi ochepa." Inu buku lili chitsegulire mukulemba kuti: alimi ochuluka a ku Dedza amadzala nyemba m'kati mwa chimanga poti minda ndi yaing'ono. Mwasintha mawu angapo, koma mafupa a chiganizo ndi omwe aja, mfundo zikutsatana momwe iye anaziyalira. Kumeneko n'kukoperabe, ngakhale mutatchula dzina lake kumapeto. Tsekani bukulo, kapena tembenuzani foni ngati ndi PDF, mudikire pang'ono, kenako mudzifunse kuti munthuyu akuti chiyani, ngati mukufotokozera mnzanu wa mu hositelo. Mwina mulemba kuti: C, tsamba 47, iye akuona kuchepa kwa minda ngati gwero la ulimi wakasakaniza ku Dedza. Mukatero tsegulani muyerekeze. Mukapeza mawu angapo otsatizana akufanana ndi ake, lembaninso kapena asandutseni M.

Ndiye pansi pake pabwere chofiira chija: G, koma agogo anga ku Bembeke munda wawo ndi waukulu ndipo amasakanizabe, mwina nkhani ndi ndiwo, kapena chonde chomwe nyemba zimasiya m'nthaka, ndifufuze. Mzere umenewu ndi umene a supavayiza akufuna kuona, ndipo ukasokonekera pakati pa mawu a eni mumataya kawiri, mumaba za ena n'kukwirira zanu.

Pa kompyuta ngozi imakula chifukwa Ctrl+C ndi Ctrl+V sizitopetsa. Musamate mawu a m'buku mufayilo ya chaputala, olo mukudziuza kuti mukonza mawa. Mawa limenelo silifika. Matani mufayilo ina ya manotsi, muike mitengero ndi tsamba pomwepo, mupakenso utoto wachikasu. Pulogalamu ya Zotero ndi yaulere ndipo imasunga bwino maina a mabuku, koma singadziwe kuti chiganizo ichi munachiganiza nokha kapena ayi.

Chinanso chimene anthu sachiganizira: kumasulira. Mukawerenga Chingerezi n'kulemba manotsi m'Chichewa, kapena mosemphanitsa, mfundoyo ikadali ya mwini wake, ikani C ndi tsamba. Ndipo musadalire Turnitin kuti ndiye woweruza. Iyo imangoonetsa mawu ofanana ndi zomwe ili nazo. Ikhoza kuphonya buku lakale lomwe munachita fotokope, pomwe a supavayiza analiwerenga kalekale ndipo alizindikira msanga.

Pa chaputala chabwezedwachi, tengani ndime zitatuzo, mubwerere ku mabuku enieniwo, osati ku manotsi. Chiganizo chilichonse muchipatse M, C kapena G. Ngati mukutsata APA, ndondomeko yotchulira mabuku omwe mwagwiritsa ntchito, mawu okopera osafika 40 amalowa m'mitengero ndi wolemba, chaka ndi tsamba, ofika 40 kapena kuposa amaima pandime yawoyawo yolowa m'kati. Mukamapita kwa a supavayiza nyamulani kope lija, muwaonetse pomwe panasokonekera, ndipo muwapemphe nthawi yoti muonenso chaputala 1, poti manotsi ake munalemba mwanjira yomweyo.