Uthenga wopempha mankhwala a bipi ku kiliniki

"Amayi anga amamwa mankhwala a kuthamanga kwa magazi ndipo atsala pang'ono kutha. Ku kiliniki komwe amapita anati tingathe kutumiza uthenga pa WhatsApp kuti atilemberenso. Ndilembe chiyani kuti asandibweze?"

Achemwali, musanagwire foni tengani kaye zinthu ziwiri: buku lawo la kuchipatala ndi timapepala kapena timabokosi ta mankhwalawo. Musalembe za pamutu. Amene awerenge uthenga wanu ali ndi odwala pamzere, ndipo akufuna kudziwa zinthu zitatu asanatsegule failo: ndi mankhwala ati, amamwa mlingo wanji, ndipo analandira liti komaliza.

Dzina la mankhwala mulikopere chilembo ndi chilembo. Kunena kuti "timapiritsi toyera tating'ono" sikuthandiza, chifukwa mankhwala amodzimodzi amasintha mtundu ndi maonekedwe kutengera kampani imene yawapanga. Mayina enanso amafanana: amlodipine ndi wa bipi, amitriptyline ndi wa matenda ena kotheratu. Jambulaninso pepala la mankhwalawo ndi tsamba lomaliza limene adokotala analemba m'buku, mutumize limodzi.

Pamene ambiri amaphonya ndi pa mlingo. "Amamwa piritsi limodzi m'mawa" si mlingo wokwanira, pakuti amlodipine alipo wa 5 mg komanso wa 10 mg. Lembani mphamvu ya piritsi, kuchuluka kwa mapiritsi pa nthawi imodzi, ndi kangati pa tsiku. Hydrochlorothiazide, amene m'buku amalembedwa mwachidule HCTZ, amabwera wa 25 mg, koma odwala ambiri amauzidwa kumwa theka, ndiye kuti 12.5 mg. Mukangolemba "25 mg" osatchula za thekalo, mwapempha mlingo wowirikiza kawiri. Ndipo lembani mmene amayi akumwera zenizeni, ngakhale zitasiyana ndi za m'buku.

Uthenga wake ungakhale wotere:

"Mwadzuka bwanji adokotala. Ndikulembera m'malo mwa mayi anga, (dzina lawo monga lilili m'buku, chaka chobadwa ndi nambala ya failo). Ndikupempha muwalemberenso mankhwala a bipi a mwezi umodzi. Amamwa amlodipine 10 mg, piritsi limodzi m'mawa uliwonse, ndi hydrochlorothiazide 25 mg, theka la piritsi m'mawa uliwonse. Analandira komaliza pa 3 Malichi ku kiliniki kwanu, amlodipine 30 ndi hydrochlorothiazide 15. Lero pa 26 Malichi atsala ndi amlodipine 6 ndi hydrochlorothiazide 3. Bipi yawo dzulo inali 138/86. Sakudandaula chilichonse ndipo sakumwa mankhwala ena. Kodi ndingabwere liti kudzatenga, ndipo iwo abwere nawo? Zikomo."

Otsalawo muwawerenge ndi manja patebulo, osangofunsa amayi. Kuyambira pa 3 kufika pa 26 Malichi ndi masiku 24, choncho pa mapiritsi 30 payenera kutsala 6. Mukapeza 14, ndiye kuti anadumphitsa masiku 8, ndipo mulembe choncho mosabisa. Chifukwa chake n'chakuti bipi ikapezeka yokwera, adokotala akhoza kuganiza kuti mankhwala sakugwira n'kuwonjezera mlingo, pamene vuto linali kuiwala kumwa. Tsiku limene amayi adzayambe kumwa mokhulupirika mlingo waukuluwo, bipi ikhoza kutsika kwambiri mpaka kuchita chizungulire n'kugwa. Mapiritsi akatha msanga kuposa masiku ake, fufuzaninso: mwina akumwa kawiri, mwina akugawirako mnzawo.

Tumizani uthengawo kutatsala pafupifupi mlungu wathunthu, osati tsiku lomwe piritsi lomaliza lamwedwa. Nthawi zina mankhwala amakhala atatha ku famase ya kilinikiyo, ndiye mumafunika kalata ya adokotala kuti mukagule kwina, komanso Loweruka ndi Lamlungu likhoza kukudyerani masiku awiri. Akakupatsani a mphamvu ina, monga amlodipine wa 5 mg m'malo mwa 10 mg, funsani pawindo pomwepo kuti amwe angati, ndipo awalembere pa pepala.

Chilichonse chatsopano chilowe mu uthengawo. Kutupa kwa mapazi kumachitika ndi amlodipine, ndipo mankhwala opha ululu monga ibuprofen ndi diclofenac amatha kukweza bipi, choncho ngati akumwa amenewa chifukwa cha mawondo, nenani. Mankhwala a zitsamba nawonso muwatchule.

Musadabwe akayankha kuti amayi eniake abwere. Odwala bipi amafunika kupimidwa nthawi ndi nthawi, ndipo amene amamwa hydrochlorothiazide amafunikanso kuyezedwa magazi kuti aone impso ndi mchere wa m'thupi. Koma bipi ikafika 180/110 kapena kupitirira, kapena akamamva mutu waukulu, kuona mwachimbuuzi, kupweteka pachifuwa, kubanika, kupindika kwa kamwa kapena kufooka mbali imodzi ya thupi, siyani za uthenga, apititseni kuchipatala nthawi yomweyo mutanyamula buku ndi mankhwala onse amene akumwa.