Mayunitsi a mayi akutha osaimba

"Abale ndithandizeni. Mayi anga ali ku Goliati, ine ndili ku tauni. Ndikawatumizira mayunitsi a K1,000, pakangotha masiku anayi amati atha, chonsecho saimbira munthu aliyense. Foni yawo ndi ya mabatani. Nditani?"

Achemwali, musawatumizirenso ambiri mpaka mutadziwa chomwe chikudya ndalamazo, chifukwa mayunitsi amatha m'njira zingapo ndipo iliyonse ili ndi mankhwala ake. Pezani mdzukulu kapena woyandikana nawo wodziwa kuwerenga, akhale ndi pepala ndi cholembera. Muike K500 yokha madzulo, iye aone zotsala nthawi yomweyo: pa Airtel ndi *137#, pa TNM ndi #123#. Alembe ndalamazo ndi nthawi yake. Foni igone osaikhudza, m'mawa aonenso, madzulo aonenso, kwa masiku atatu.

Pepalalo likuuzani zonse. Ngati ndalama zachepa mutangoika, kawirikawiri ndi ngongole ya mayunitsi, Kutapa kapena Pasavute, yomwe wina anatenga pa foniyo. Imeneyo ikabwezedwa imatha yokha. Ngati zikuchepa mosalongosoka, lero K37 mawa K112, pali amene akuimba kapena kulowa pa intaneti, pakuti mafoni ena a mabatani amalowanso. Koma mukaona Lolemba K500, Lachiwiri K450, Lachitatu K400, ndalama yofanana tsiku ndi tsiku, ndiye kuti layiniyo inalembetsedwa ku zinazake zolipira: nyimbo imene oimba foni amamva, mavesi a tsiku, nkhani za mpira, mipikisano ya mafunso. Ikakhala K150 patsiku, mwina ndi zitatu nthawi imodzi.

Musawakalipire mayi. Zimenezi zimalowa mosavuta zedi. Kauthenga kamatulukira pagalasi pomwe iwo akufuna kuyankha foni, manja ali ndi dothi la kudimba, maso saona bwino, amangodina batani lapakati kuti kachoke. Batani limenelo ndi OK, ndiye kuvomera kumeneko. Pena ndi mawu ojambulidwa akuti dinani 1.

Chimene chimapusitsa ambiri n'chakuti kusiya foni yopanda mayunitsi sikuthetsa kanthu. Makinawo amangoyeserabe kudula, ndipo tsiku lomwe mwaika, adula. Kufufuta mauthenga nakonso n'kutaya umboni chabe. Mdzukuluyo atsegule mauthenga onse, afunefune ochokera ku manambala afupiafupi, a manambala atatu, anayi kapena asanu. Ambiri kumapeto amanena mawu otumiza pofuna kusiya, monga STOP. Atumize mawuwo monga alembedwera, ku nambala yomweyo, kenako adikire uthenga wotsimikiza. Ukapanda kubwera, muziyesa kuti sizinatheke.

Njira yodalirika kwambiri ndi kuimbira kampani pa layini ya mayiyo, osati yanu: 121 pa Airtel, 105 pa TNM. Mayi akhale pafupi ndi chiphaso chawo cha unzika, chifukwa chiyambire kalembera wa masimu mu 2018 amafunsa dzina lomwe linalembetsa layini. Apa ndi pamene ambiri amakanikira, poti simu ya makolo nthawi zambiri inalembetsedwa m'dzina la mwana kapena mlamu. Zikatero, mwini dzinalo ndiye ayankhule. Musangonena kuti mayunitsi akutha, adzakuuzani kuti muzimitse deta basi. Nenani kuti: tiwerengereni zolipira zonse zomwe zili pa nambala ino, tsiku lomwe chilichonse chinayamba ndi mtengo wake, ndipo muzichotse zonse. Mawu akuti zonse muwabwereze. Pemphaninso nambala ya dandaulo lanu, mulembe pamodzi ndi tsiku ndi nthawi. Za kubweza ndalama funsani ndithu, ngakhale sizitheka nthawi zonse, makamaka makina akamaonetsa kuti OK anadinidwa.

Ajenti wa pamsika wa Goliati kapena Luchenza sangachotse zimenezi, ntchito yake ndi yogulitsa mayunitsi ndi kutumiza ndalama. Foni ikakanika, pitani ku shopu yeniyeni ya kampaniyo ndi simu komanso chiphaso. Ndipo wina akaimba kuti ndi wa kampani, akufuna nambala yachinsinsi ya Mpamba kapena Airtel Money kuti achotse zolipirazo, ndi wakuba ameneyo. Mayi muwauziretu mawu amenewa mobwereza.

Akati achotsa, bwerezani zapepala zija masiku ena atatu, ndipo muonenso pakatha sabata, pakuti zina zimadula pa sabata kapena pa mwezi. Zikapitirira, imbani 261 ku MACRA, bungwe loyang'anira zamafoni, muwapatse nambala ya dandaulo ija ndi zomwe munalemba.

Kuyambira pano, m'malo mowatumizira mayunitsi, muziwagulira bandulo ya mphindi zoimbira kuchokera pa foni yanu. Zolipirazi zimadula pa mayunitsi, sizikhudza mphindi. Ndipo pabatani lofiira lodulira foni mumatepo kachidutswa ka pulasitala kuti azilimva ndi chala, muwauze kuti chilichonse chachilendo chikatulukira pagalasi azidina limenelo.