Ngongole yabodza ndi muyeso wa Kant

Wina anandifunsa kuti: "Ndawerenga kuti Kant ankati munthu asanachite kanthu adzifunse ngati lamulo limene akutsata lingakhale la anthu onse. Kodi izi zikusiyana pati ndi mawu a aphunzitsi athu akale akuti, 'Aliyense atachita choncho, zinthu zingathe bwanji?' Nanga udindo ukulowapo pati?"

Kusiyana kulipo. Aphunzitsi aja ankaopa zotsatira zake, zakuti ana onse akamachedwa maphunziro asokonekera. Immanuel Kant, katswiri wa nzeru zakuya amene anabadwa mu 1724 ndi kumwalira mu 1804 mumzinda wa Königsberg ku Prussia, sankawerengera zabwino ndi zoipa zimene zingatsatire. Iye ankafuna kuona ngati lamulolo lingaime pamene aliyense walitenga kukhala lake, kapena ngati lingadzigwetse lokha.

Chitsanzo chake chili m'buku lake la 1785 lofotokoza maziko a makhalidwe abwino. Munthu wapanikizika ndipo akufuna kukongola ndalama. Akudziwa bwino lomwe kuti sadzatha kubweza, komanso akudziwa kuti sapatsidwa kanthu akapanda kulonjeza tsiku lobwezera. Choyamba, munthuyo atchule mosabisa lamulo limene lili mumtima mwake: "Ndikasowa ndalama ndizikongola ndi kulonjeza kubweza, ngakhale ndikudziwa kuti sindidzabweza." Kenako aganizire dziko limene aliyense wosowa amachita chimodzimodzi, ndipo aliyense akudziwa kuti ndi mmene anthu amachitira. M'dziko lotero mawu akuti "ndibweza mwezi ukatha" sangatulutse ngakhale khobidi m'thumba la munthu, pakuti womva angangoseka. Onani tsono kuti cholinga cha wabodza uja chafera pomwepo: bodza lake limagwira ntchito chifukwa anthu ena amasunga malonjezo awo, ndiye kuti iye akufuna lamulo losunga lonjezo likhalepo kwa onse, koma iye yekha apatulidwe. Kudzipatula kumeneku ndiko kumene muyesowu umagwira.

Pa za udindo, Kant anapereka chitsanzo cha wogulitsa m'sitolo amene sakweza mtengo ngakhale wogula ali mwana wosadziwa kanthu. Mwanayo walandira chenji chake chonse, ndipo palibe wabedwa. Koma ngati wogulitsayo wachita izi poopa kuti mbiri ingaipe makasitomala n'kuthawa, wangochita zogwirizana ndi udindo. Sanachite chifukwa cha udindo. Tsiku limene adzatsimikize kuti palibe angadziwe, chifukwa chake chokhalira woona mtima chidzakhala chatha. Wochita chifukwa cha udindo ndi amene amabweza chenjicho popeza n'choyenera, kaya apindula kaya ayi. Ena amamva ngati Kant ankadana ndi chifundo kapena kukondwera pochita zabwino, koma ine ndimaona kuti mfundo yake ndi yakuti chifundo chimabwera ndi kupita monga nyengo, choncho sichingakhale maziko.

Ambiri amalakwitsa pa sitepe yoyamba ija, potchula lamulo. Wochenjera angalipanikize mpaka likhale la iye yekha, n'kunena kuti, "Ndinama pokhapokha ndikakhala ndi ana atatu, lendi yakwana, ndipo wondikongozayo ndi wolemera." Lamulo lotere likhoza kuoneka ngati lapambana, popeza anthu ochepa okha akalitsata malonjezo sangathe mphamvu. Njira yodzigwirira nokha ndi kuchotsa mfundo imodziimodzi ndi kudzifunsa ngati mukanasiya kunama. Ngati mukanamabe muli ndi ana awiri, ndiye kuti za ana atatuzo n'zongokometsera, ndipo lamulo lanu lenileni ndi lija la poyamba.

Pali malo amodzi pamene ineyo sindiyenda naye Kant. Mu 1797, poyankha Benjamin Constant, wolemba za ndale ku France, Kant analemba kuti simuyenera kunama ngakhale kwa munthu wakupha amene wafika pakhomo kufunsa ngati mnzanu wabisala m'nyumba mwanu. Anati mukanama kuti mnzanuyo watuluka, chonsecho iye wazembadi inu osadziwa, wakuphayo n'kukumana naye panjira, mlandu wa imfayo ukhoza kukugwerani. Ambiri mwa otsatira ake amavutika ndi yankho limeneli, ndipo ena amati muyeso weniweniwo sukakamiza zimenezo, chifukwa lamulo lakuti "ndinamiza wakupha kuti ndipulumutse wosalakwa" silofanana ndi la wokongola uja, amene akunamiza munthu womuchitira chifundo kuti adye ndalama zake. Ine ndili kumbali yawo, ngakhale ndivomereze kuti funso limatsalabe: wakuphayo atadziwa kuti aliyense amanama pa nthawi yotere, sangakhulupirire yankho la pakhomopo, ndipo bodzalo nalonso likhoza kutha mphamvu monga lonjezo lija.