Banki imalipira pepala, siyang'ana za m'kontena

"Akulu, ndapeza fakitale ya matailosi ku Foshan, ku China, koma sindinagulekopo. Akuti nditumize kaye ndalama. A ku banki akundiuza za LC ndi galanti. Kodi zimenezi zingandipulumutse anthuwo akandiyenda njomba?"

Achemwali, zingakuthandizeni, koma choyamba gwirani mfundo iyi: banki sidzatsegula kontena yanu. LC, kapena kuti letter of credit, ndi kalata ya banki yolonjeza kulipira wogulitsa m'malo mwanu. Malamulo amene mabanki ambiri padziko amatsata pa LC, otchedwa UCP 600, omwe anayamba kugwira ntchito mu 2007, amanena poyera kuti banki imayang'ana zikalata, osati katundu. Wogulitsa akabweretsa mapepala ogwirizana ndi zomwe zinalembedwa mu LC, banki imulipira, ngakhale matailosiwo atakhala a giredi yotsika. Ndiye chitetezo chanu chagona pa mapepala amene inuyo mwalamula kuti abwere.

Tiyerekeze kuti mwagwirizana makatoni 900 pa madola 14 katoni imodzi, kufika padoko la Beira, inshulansi ndi sitima zili momwemo. Zonse pamodzi ndi madola 12,600. Mutenga invoisi yoyambirira imene wogulitsa wakupatsani kupita nayo ku banki yanu kuno ku Lilongwe n'kudzaza fomu. Banki idzafuna chikole: kwa kasitomala watsopano nthawi zambiri amafuna kuti ndalama zonse zikhale mu akaunti, azitsekere. Ikatero imatumiza uthenga wotchedwa MT700 ku banki ya ku China kudzera pa SWIFT, njira imene mabanki amatumizirana mauthenga, kulonjeza kuti idzalipira mapepala akakwana. Wogulitsa amapakira katundu podziwa kuti amene walonjeza ndi banki. Inunso ndalama zanu sizituluka mpaka pataoneka umboni woti katundu wakwera sitima. LC ikangotuluka simungaisinthe kapena kuifafaniza nokha wogulitsa asanavomere, choncho pemphani kuti akuonetseni zomwe alemba isanatumizidwe, muwerenge mzere ndi mzere.

Pamene muyenera kukhalirapo pansi ndi pa ndime ya 46A ya LC, pomwe pamalembedwa zikalata zofunika. Invoisi ndi mndandanda wa makatoni amalemba yekha wogulitsa, ndiye sizikutsimikizirani kanthu. Chikalata cha a sitima chimangonena kuti alandira kontena yotseka, ndipo za m'kati amalemba monga wawauzira wotumiza. Pepala limene limakutetezani kwenikweni ndi satifiketi ya oyendera katundu asanapakidwe. Tchulani dzina la kampani yoyendera mu LC momwemo, monga SGS, Bureau Veritas kapena Intertek, ndipo mulembe zimene satifiketiyo iyenera kunena: kuti makatoni ndi 900, tailosi ndi ya masentimita 60 mbali zonse, giredi yoyamba, mtundu umodzi wosasakaniza, ndiponso nambala ya kontena ndi ya chidindo chotsekera chitseko. Mukangolemba kuti "satifiketi yoyendera" osatchula woipereka, wogulitsa akhoza kubweretsa pepala losainidwa ndi mnzake wa pakhomo lina, banki n'kulilandira. Ndinaonapo mayi wina ku Kanengo akutsegula makatoni, ena oyera mbee, ena otuwirako, ena m'makona mobenthuka, pamene mapepala ake onse anali oongoka ndipo banki inali italipira kalekale. Kuyendera amalipiritsa, koma ndi ndalama yochepa poyerekeza ndi kontena imene mungamaigulitse motchipa chaka chonse.

Musaiwale madeti. Pa 44C lembani tsiku lomaliza lopakira, pa 31D tsiku limene LC ithera. Ngati simunalembe zina, wogulitsa ali ndi masiku 21 chipakire katundu kuti apereke mapepala, ndipo banki ili ndi masiku asanu ogwira ntchito oti iwaunike. Inshulansi, ngati LC sinanene mwina, isachepere 110 peresenti ya mtengo, apa ndiye madola 13,860. Ife a dziko lopanda nyanja tionetsetse kuti ikufika mpaka ku Lilongwe, chifukwa matailosi amasweka kwambiri pamsewu wochokera ku Beira kudzera ku Tete mpaka pachipata cha Dedza.

Mapepala akapezeka ndi vuto, banki ikhoza kukuimbirani kufunsa ngati mukuvomera kuti ilipirebe. Pamenepo mphamvu ili m'manja mwanu, musafulumire kusaina. Chilembo chimodzi cholakwika pa adiresi si nkhani. Koma satifiketi yoyendera ikasowa, kapena nambala ya chidindo ikasiyana ndi ya pa chikalata cha sitima, kanani mpaka afotokoze. Ingodziwani kuti mukukanganapo sitima ikuyenda, ndipo kontena ikakhalitsa padoko a sitima ndi a doko amawerengera ndalama tsiku ndi tsiku.

Tsono galanti ndi nkhani ina. Mafakitale ambiri amafuna dipoziti ya 30 peresenti asanayambe kupanga, apa ndiye madola 3,780. Ndalama imeneyi ikapita pa waya, LC siikhudza. Choibweza ndi galanti ya dipoziti, imene amatulutsa ndi banki ya wogulitsa, kulonjeza kuti akapanda kutumiza katundu, idzakubwezerani mukapempha polemba kalata yonena kuti waphwanya pangano. Zambiri zimayendera malamulo a URDG 758. Galanti yeniyeni imabwera ku banki yanu ngati uthenga wa MT760, ndipo banki yanu ndiyo ikuuzeni kuti yafika ndipo yatsimikizika. Pepala la zidindo zokongola lobwera pafoni musalikhulupirire, ndipo dipoziti isachoke uthengawo usanafike. Onaninso tsiku lothera: likhale patsogolo pa tsiku lomaliza lopakira ndi mwezi kapena kuposa, chifukwa galanti ikatha simungapemphenso kanthu, ngakhale mutachedwa ndi tsiku limodzi. Mwa kuona kwanga, fakitale yaing'ono kawirikawiri imakana galanti pa oda ya kontena imodzi. Ikakana zonse, galanti ayi, LC ayi, oyendera ayi, ine ndimaisiya. Ikavomera LC ya ndalama zonse popanda dipoziti, ndi bwino koposa.

Chimene chimapweteka kwathu kuno ndi madola. LC ndi ngongole ya madola, pamene inu mwasungitsa makwacha. Mu Novembala 2023 Reserve Bank of Malawi itatsitsa mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti, dola inachoka pa makwacha pafupifupi 1,180 kufika pa 1,700. Kontena yathu ija, imene inali pafupifupi K14.9 miliyoni, ikanasanduka K21.4 miliyoni kwa amene anali asanagule madola ake, msonkho wa MRA usanalowepo, womwenso umakwera limodzi ndi dola. Ndiye funsani a banki, akuyankheni polemba: madola agulidwa tsiku lotsegula LC kapena tsiku lolipira, ndipo mtengo ukasintha pakatipo aonjezere ndani? Funsaninso kuti mudikira nthawi yaitali bwanji kuti madolawo apezeke, musanalonjeze wogulitsa tsiku. Wogulitsa wina amafuna kuti banki ina yakunja itsimikizirenso LC yathu, ndipo zimenezo zili ndi mtengo wake. Gwirizanani msanga kuti zolipira za mabanki a kunja ndi zake, za kuno ndi zanu, ndipo zilembedwe mu LC momwemo.

Pa katundu wa madola ochepa, ngati amene timakatenga tokha ku Kariakoo, ku Dar es Salaam, kudzera ku Songwe, LC ingakudyereni phindu lonse. Koma pa kontena yathunthu kwa munthu amene simunamuonepo, ine ndingaitsegule. Musanapite ku banki, atumizireni a fakitalewo mndandanda wa zikalata zomwe mudzafune, ndi dzina la oyendera, kuti avomere polemba. Kusintha LC itatuluka kale amalipiritsa nthawi iliyonse, ndipo kumadyanso masiku.