Denga likudontha ndipo kontilakitala akufuna ndalama yotsala: nditani?

"Ndinalandira makiyi a nyumba yanga ku Kasungu pa 20 Juni. Mgwirizano unali wa K40 miliyoni, ndipo pepala likuti kontilakitala azikonza zolakwika kwa miyezi 12. Ndinasunga K1 miliyoni. Mvula ya Januwale yadontha pabalaza, khoma lakuchipinda lang'aluka. Iye akuti ndimupatse kaye ndalamayo agulire zipangizo. Ndimupatse?"

Ayi mayi, musapereke. Ndalama imeneyo ndi chikole, ndipo ndi yokhayo imene ingamubweze pamalo panu. Kawirikawiri mwininyumba amadula 5 peresenti pa malipiro alionse, theka n'kulipereka tsiku la makiyi, theka linalo nthawi yokonza zolakwika ikatha, zonse zitakonzedwa. Ntchito yoonongeka chifukwa cha mamangidwe ake, kontilakitala amaikonza ndi ndalama za m'thumba mwake. Mwachitanso mwayi kuti munalemberana miyezi 12. Ikanakhala 6, ikanatha pa 20 Disembala, denga lisanaone mvula yeniyeni.

Musanamulembere, dziwani gwero la vuto, chifukwa si chilichonse chomwe chili mlandu wake. Mvula ikugwa, wina akwere musiling'i ndi tochi. Madzi amayenda ndi mtengo wa denga n'kukagwera patali, ndiye banga la pasiling'i lisakunamizeni. Akamatsika ndi msomali, onani ngati misomali anaikhoma m'ngalande ya lata m'malo mwa pamsana pake. Akamalowa pomwe malata akumana, ndiye kuti sanawasanjikize mokwanira: kumapeto lata limafunika kulowa pansi pa linzake masentimita 15 kapena kuposa. Zonsezi ndi za mmisiri. Koma lata lokakatuka ndi chimphepo, kapena lobooledwa ndi woika sola, kontilakitala adzalikana, ndipo adzakhala akunena zoona. Chimodzimodzi ngati malata opyapyala munagula nokha iye atakuletsani.

Mng'alu ndiwo ukufuna diso. Timing'alu tonga tsitsi, tomwazikana ngati ukonde, ndi ta pulasitala chabe: simenti inauma mofulumira, ndipo kumata ndi kupenta n'kokwanira. Woopsa ndi wopendekeka, woyambira pakona ya zenera kapena ya chitseko, wotsata mizere ya njerwa ngati masitepe, wooneka mkati ndi kunja komwe. Umenewo ungasonyeze kuti fawundeshoni ikusuntha. Lembani kamzere ndi pensulo pomwe wathera, yezani kukula kwake ndi rula, lembani deti pakhoma pomwepo, muyezenso pakatha milungu iwiri iliyonse. Ukapyola kamzere kaja, kapena ukafika mamilimita 5, itanani injiniya alembe lipoti. Apa amisiri ambiri amathamangira kumata ndi simenti kuti nthawi idutse, mng'alu n'kudzatsegukanso chikole chitapita kale.

Tsopano kalata. Foni siisiya umboni. Lembani deti, tchulani ndime ya mgwirizano yonena za miyezi 12, kenaka vuto lililonse palokha ndi malo ake: "pabalaza, pakona ya kum'mawa, madzi akudontha pamisomali itatu". Ikani zithunzi. Mupatseni masiku amene mgwirizano ukunena, ndipo ngati sukunena, masiku 14 oti ayambe ntchito ndi oyenera. Sindikizani makope awiri, asayine imodzi n'kukubwezerani. Akakana kusayina, pitani ndi mboni, mutumizenso chithunzi cha kalatayo pa WhatsApp. Chachikulu n'choti kalata imufike pasanafike pa 20 Juni. Vuto lomwe mwalinena nthawi isanathe limakhalabe lake ngakhale atazengereza mpaka Ogasiti.

Pomwe ambiri amagwa ndi apa: mtima ukawawa amaitana mmisiri wina mawa lake. Mukatero, kontilakitala adzati simunamupatse mpata, ndipo winayo ndiye waononga. Phimbani katundu, tcherani ndowa, koma denga lisakhudzidwe mpaka masiku aja atakwana. Akabwera, mutsegulireni geti.

Akapanda kubwera, funsani amisiri awiri kapena atatu akulembereni mitengo, mumutumizire ndi kalata yachiwiri yomuuza kuti mudula pachikole. Tinene kuti denga ladya K350,000, khoma K400,000. Pa K1 miliyoni patsala K250,000, ndipo imeneyo ndi yake nthawi ikatha, pamodzi ndi makope a malisiti. Osaidya.

Ngati injiniya wapeza kuti fawundeshoni ikufuna ndalama zoposa chikole, lembani kalata yofuna zotsalazo. Kontilakitala wolembetsedwa mungakamudandaulire ku bungwe loyang'anira zomangamanga, lomwe ambiri amalidziwa ndi dzina loti NCIC. Onaninso ngati mgwirizano ukuti mkangano upite kaye kwa mkhalapakati musanapite kukhoti. Kutha kwa miyezi 12 sikumasula kontilakitala pa vuto lobisika, koma mlandu wophwanya mgwirizano uli ndi malire a zaka 6, choncho lipoti la injiniya, zithunzi ndi makalata onse zikhale mufayilo imodzi yopita nayo kwa loya.