Foni ya K480,000 yapezeka kuti ndi feki, ndalama ndiitsate kuti?

"Abale thandizeni. Ndinaona Samsung pa Facebook, wogulitsa ali ku Lilongwe, ine ku Mzuzu. Anati ndi olijino. Ndinatumiza K480,000 pa Airtel Money, foni inabwera pa basi. Lero wokonza mafoni wandiuza kuti ndi feki. Wogulitsa akuti katundu akagulidwa sabwezedwa. Ndikadandaule kuti, ndipo ndalama yanga ingabwerere?"

Pepani kwambiri achemwali, ndalama imeneyo si yotola pansi. Koma musanamuimbirenso munthuyo, musanamukalipire, yambani mwatolera umboni usiku uno. Anthu amenewa akangoona kuti mwadzuka amafufuta positi, kusintha dzina la tsamba, kenako n'kukubulokani. Mukatsala ndi mawu apakamwa okha, kulikonse kumene mungapite adzakufunsani funso limodzi: alipo pamene analemba kuti foniyi ndi olijino? Mlandu wanu wonse wagona pamenepo. Kugulitsa foni yotchipa si mlandu. Mlandu ndi kuitchula dzina losakhala lake kuti mupereke ndalama ya foni yeniyeni.

Ndiye jambulani positi yake yonse, dzina la tsamba ndi mtengo zikuoneka. Jambulani macheza anu, makamaka pamene akuti "olijino" ndi pamene akukupatsani nambala yotumizirapo ndalama. Ngati munkacheza pa WhatsApp, pali Export chat, dzitumizireni macheza onsewo ku imelo. Mavoisi muwasunge kwina, chifukwa iye akhoza kufufuta ena. Uthenga wa Airtel Money musaufufute, muli nambala ya thiranzakishoni komanso dzina la mwini nambala, ndipo nthawi zambiri dzina limenelo limasiyana ndi la pa Facebook. Kalisiti kakubasi nakonso kasungeni.

Kenako foniyo idziulule yokha. Imbani *#06#, pabwera nambala ya IMEI ya manambala 15. Ifanizeni ndi yomwe ili pa katoni. Manambala 8 oyambirira ndi amene amasonyeza mtundu wa foni, choncho mukailemba pa masamba ofufuzira IMEI imakuuzani kuti nambalayo ndi ya foni yanji. Ikatulukira foni ina, umboni ndi umenewo. Koma ikafanana musakhutire, opanga mafeki amakopera IMEI ya foni yeniyeni. Chomwe sangabise ndi memore. Mu Settings imalemba 256GB, koma ikanimo mavidiyo ambiri, muona ikudzaza isanafike ndi patali pomwe, kapena mavidiyowo akukana kutseguka. Makamera akumbuyo atsekeni ndi chala limodzilimodzi mukusintha zumu. Pa feki mupeza kuti likugwira ntchito ndi limodzi, enawo ndi magalasi okongoletsera. Zonsezi zijambuleni vidiyo ndi foni ina. Wokonza mafoni uja akulembereni kakalata konena zomwe wapeza, asaine, koma asaitsegule foniyo ndipo musaikonzetse. Mukaitsegula, wogulitsa adzati munasintha zam'kati ndinu.

Za Airtel Money ndikuuzeni zoona kuti musataye masiku. Kubweza ndalama kumayenda bwino ukatumiza ku nambala yolakwika ndipo ndalamayo isanatapidwe. Apa munatumiza mwakufuna kwanu, foni inayenda ulendo wa ku Mzuzu, ndalamayo anakatapa kalekale kwa ejenti. Kampani siweruza mkangano wa katundu. Kanenenibe ku ofesi yawo kuti nambalayo yakuberani ndipo akupatseni nambala ya dandaulo, chifukwa simu iliyonse inalembetsedwa ndi chitupa cha unzika, ndipo apolisi akafuna mwini wake amadzera kumeneko. Inuyo sangakupatseni mbiri ya munthuyo pamanja.

Mukamaliza apo mulembereni uthenga umodzi wodekha, wopanda zotukwana. Mwachitsanzo: "Pa tsiku lakuti munandigulitsa foni ya K480,000 mutandiuza kuti ndi olijino. Yapezeka kuti ndi feki, umboni ndili nawo. Ndikufuna ndalama yanga yonse pasanathe masiku 7, foni yanu ndikubwezerani. Kupanda kutero ndikadandaula ku CFTC, bungwe loteteza ogula, ndi kupolisi." Yankho lililonse limene angapereke ndi umboni winanso. Akangoti "ndikusinthirani ina", ndiye kuti wavomera kuti anakugulitsani ndi iyeyo. Foni musaikweze basi ndalama isanalowe. Ambiri amapusitsidwa pamenepa, amauzidwa kuti "tumizani tione", foni n'kupita, ndalama osabwera, umboni nawo wapita. Ngati muli ndi m'bale ku Lilongwe, akakumane naye, foni ndi ndalama zisinthane manja pamaso pa mboni.

Zoti katundu sabwezedwa zisakuopseni. Mawu amenewo, kaya alembedwa pa lisiti kaya pakhoma la shopu, samuchotsera wamalonda udindo pa katundu wachinyengo kapena wowonongeka. Lamulo la mpikisano ndi chilungamo pa malonda limaletsa kusocheretsa wogula, ndipo bungwe la CFTC, lomwe likulu lake lili ku Lilongwe, ndi limene limayang'anira zimenezi. Kale linkafufuza koma mano anali ochepa. Lamulo latsopano la 2024 linalipatsa mphamvu zolamula lokha kuti wogula abwezeredwe ndalama komanso zolipiritsa chindapusa. Kudandaula kumeneko n'kwaulere, ndipo simuyenera kuchita kupita nokha, mutha kulemba kalata n'kutumiza limodzi ndi umboni uja. Mulembe mwachidule: munagula liti, kwa ndani, ndalama zingati, anakulonjezani chiyani, mwapeza chiyani, ndipo mukufuna chiyani. Pomalizirapo mulembe momveka kuti mukufuna K480,000 yanu.

Njira imeneyi imagwira ngati munthuyo ali ndi shopu kapena bizinesi yodziwika poti kalata n'kukafika. Mlamu wanga anagula foni yotere pa shopu ina ku Limbe. Tinabwererako tili awiri, lisiti m'manja. Mnyamata wapakauntala anangotilozera chikwangwani chakumbuyo kwake. Ine ndinapempha kuti aitane mwini wake, ndipo atabwera ndinaika foni pagalasi, n'kutseka makamera ndi chala makasitomala ena akuonerera. Makamera awiri mwa atatuwo anali akufa. Ndinatulutsa kalata yopita ku CFTC yomwe tinali titalemba kale, dzina la shopu lili pamwamba. Anaiwerenga kawiri, n'kutilowetsa mkati. Anafuna kudula K30,000 ati ya katoni yong'ambika, tinakana, ndipo anatiwerengera yonse. Chomwe chinamufewetsa n'chakuti anali ndi malo oti sangawathawe.

Wanuyo ngati alibe malo, amangogulitsira pa foni, ndiye kuti nkhaniyi ndi yakupolisi: kupeza ndalama mwachinyengo. Pitani pa siteshoni ya ku Mzuzu komweko, mapepala onse mutasindikiza, mukapereke sitetimenti. Tengani nambala ya mlandu ndi dzina la wapolisi amene akuutsata, ndipo muzipitako, musamadikire kuimbiridwa. Dziwani kuti ntchito ya apolisi ndi kugwira wolakwa, si kutolera ngongole, ngakhale kawirikawiri munthu akagwidwa abale ake amathamanga kudzabweza kuti nkhani ithe. Akatero, ndalama muilandirire pa siteshoni pomwepo, zilembedwe. Akakana ndipo dzina lake lenileni ndi kumene amakhala mwazidziwa, mutha kukasuma ku khoti la majisitireti kuti akubwezereni. Loya safunika, kalaliki wa khoti amakuuzani za mafomu ndi ndalama yolipira samani.

Positiyo muinenenso ku Facebook podina Report, komanso kwa ma adimini a gulu limene munaionamo, koma pokhapokha mutajambula zonse, chifukwa ikachotsedwa simuionanso. Ndipo chonde chithunzi chake musachimwaze ndi mawu akuti mbava mlandu usanayende, angakutembenuzireni wa kuipitsa mbiri. Tiuzeni kuti dzina la pa uthenga wa Airtel Money likufanana ndi la pa tsamba lake kapena ayi, komanso ngati anatchulapo shopu, tidziwe kuti mawa muyambire ku CFTC kapena kupolisi.