Mwambo wa mayiko umasanduka lamulo liti?

"Pa nkhani ya malire a Nyanja ya Malawi ndimamva kuti a ku Tanzania amati lamulo la mwambo wa mayiko limafuna kuti malire adutse pakati pa nyanja. Kodi lamulo limeneli analilemba ndani, ndipo mwambo ungamange bwanji dziko limene silinasaine kanthu?"

Achimwene, palibe munthu kapena nyumba ya malamulo imene inalemba, chifukwa lamulo lamtunduwu limaphuka kuchokera ku zochita za maboma eniake. Ndime 38 ya chikalata chokhazikitsa Khoti Lalikulu la Mayiko, lomwe limakhala ku Hague, imatchula mwambo ngati limodzi mwa magwero a lamulo, ndipo imaufotokoza kuti ndi mchitidwe wofala umene mayiko aulandira ngati lamulo. M'mawu amenewo muli zinthu ziwiri zofunika kuzitsimikizira padera. Choyamba ndi mchitidwe weniweniwo, womwe umaoneka m'malamulo amene maboma akhazikitsa, m'zigamulo za makhoti awo, m'makalata a akazembe, m'malangizo opita kwa asilikali ndiponso m'madandaulo amene boma lina limatumiza kwa linzake. Chachiwiri ndi chikhulupiriro chakuti mchitidwewo ukuchitika chifukwa lamulo likulamula kapena likuloleza, chimene akatswiri amachitchula m'Chilatini kuti opiniyo yurisi.

Chachiwirichi ndicho chimagwetsa milandu yambiri. Mtsogoleri wa dziko lina akafika pabwalo la ndege amamuyalira mkeka wofiira, asilikali n'kuperekera sawasha, ndipo izi zimachitika pafupifupi kulikonse. Komabe boma limene lasiya kuyala mkekawo lingadzudzulidwe kuti ndi lamwano, osati kuti laswa lamulo, popeza palibe boma limene limayala mkeka likudziona kuti lamangidwa. N'chimodzimodzi ndi kanjira kodutsa m'munda mwa munthu: anthu angadutsepo zaka makumi awiri, koma ngati aliyense akudziwa kuti akudutsa mwa chifundo cha mwini munda, tsiku limene iye adzatchinge ndi minga palibe wokasuma kwa amfumu.

Mlandu umene unaika poyera zimenezi ndi wa pansi pa Nyanja ya Kumpoto ku Ulaya, umene khoti lija linagamula mu 1969. Mayiko a Jeremani ya Kumadzulo, Denimaki ndi Holandi ankakangana za kagawidwe ka nthaka ya pansi pa nyanjayo, kumene ankayembekeza kupeza mafuta ndi gasi. Denimaki ndi Holandi ankafuna mzere womwe malo ake onse atalikirana mofanana ndi magombe a mayiko oyandikanawo, monga mmene ndime 6 ya Pangano la ku Jeneva la 1958 inanenera pamene mayiko sanagwirizane mwanjira ina. Vuto linali kaonekedwe ka gombe. Gombe la Jeremani ndi lolowa mkati ngati kamwa la mphika, choncho mizere iwiri yochokera ku malire ake a kumpoto ndi a kumadzulo inkakumana msanga patsogolo pake, n'kulisiyira kachigawo kakang'ono kotsekeka, pamene anansi akewo ankafika kutali mkati mwa nyanja.

Jeremani inasaina panganolo koma sinalivomereze kotheratu, motero ndime 6 sinkaimanga ngati pangano. Anansi aja anatembenukira ku mwambo, nati njira ya mzere wofananawo inali itasanduka lamulo la mayiko onse, osaina ndi osasaina omwe. Oweruza anayamba ndi panganolo lenilenilo, napeza kuti linkalola mayiko kukana ndime zake zina povomereza, kupatula ndime zitatu zoyambirira, ndipo ndime 6 inali m'gulu la zokanika. Chimenechi chinali chizindikiro chakuti olembawo sankaiona ngati lamulo lomanga aliyense kale, pakuti lamulo la mwambo wamba si chinthu choti dziko lingodzichotsamo ndi kalata imodzi.

Kenako anayang'ana nthawi. Panganolo linayamba kugwira ntchito mu 1964, ndipo mlandu unafika kukhoti mu 1967. Khoti linati kuchepa kwa zaka pakokha sikulepheretsa mwambo kubadwa, koma m'nthawi yochepayo mchitidwe uyenera kukhala wofalikira ndi wofanana pafupifupi kotheratu, ndipo uphatikizepo mayiko amene nkhaniyo ikuwakhudza kwambiri. Apa mpamene panali phata la mlandu. Denimaki ndi Holandi anapereka zitsanzo pafupifupi 15 za malire amene anajambulidwa ndi mzere wofananawo, koma khoti linaona kuti oposa theka la mayiko okhudzidwa anali kale m'pangano la ku Jeneva kapena anali pafupi kulowamo, kotero kuti zochita zawo zinkangosonyeza kumvera pangano. Otsalawo panalibe umboni wakuti anasankha mzerewo podziona kuti lamulo likuwakakamiza. Mwina anausankha chifukwa ndi wosavuta kujambula, kapena chifukwa unkakomera mbali zonse ziwiri. Jeremani inapambana, mayiko atatuwo anabwerera pa zokambirana, ndipo mapangano a 1971 anaipatsa mpata wautali wofika chapakati pa nyanja.

Ine ndimaona kuti pali chovuta chimodzi chimene ngakhale oweruza sanachithetse bwino. Ngati lamulo limabadwa pokhapokha mayiko akukhulupirira kuti ndi lamulo, ndiye kuti dziko loyamba kuchita chinthucho limakhulupirira lamulo limene kulibe. Zimene zimachitika kwenikweni n'zakuti boma lina limalengeza ufulu, monga mmene Pulezidenti Truman wa ku Amereka anachitira mu 1945 ponena kuti chuma cha pansi pa nyanja pafupi ndi gombe lawo ndi chawo, ndiyeno ena amayankha. Akatsutsa, nkhaniyo imafota. Akatengera kapena akakhala chete pomwe anali ndi chifukwa ndi mpata wolankhula, lamulo limayamba kukhwima. N'chifukwa chake maunduna a zakunja amalemba makalata otsutsa ngakhale pa zinthu zooneka zazing'ono. Dziko limene latsutsa poyera ndi mosalekeza kuyambira pamene lamulo likuphuka silimangidwa nalo, mfundo imene khoti linaikhudza mu 1951 pa mlandu wa usodzi wa pakati pa Britain ndi Norway, koma lotsutsa mochedwa, lamulo litakhwima kale, silipulumuka.

Musaganizenso kuti lamulo la mwambo limafa likaswedwa. Pa mlandu wa Nicaragua ndi Amereka mu 1986, khoti linanena kuti sipafunika kuti mayiko onse azilitsata popanda kuphonya. Chofunika n'chakuti kuphonyako kuzionedwa ngati kuswa lamulo, ndipo dziko limene laukira linzake n'kumadzikhululukira kuti linkadziteteza likuvomereza, mwa kudzikhululukira komweko, kuti kuukira n'koletsedwa.

Tikabwerera ku nyanja yathu, mlandu wa 1969 sunali wa nyanja za pakati pa mtunda, choncho sugamula mkanganowu, koma umasonyeza katundu amene wonena za mwambo ayenera kusenza. Sikokwanira kuwerenga nyanja zimene malire ake amadutsa pakati, monga Nyanja ya Tanganyika. Payenera kuoneka kuti mayikowo anachita zimenezo podziona kuti akukakamizidwa ndi lamulo, osati chifukwa anangogwirizana choncho. Ndipo ngakhale mwambowo utatsimikizika, mayiko ali ndi ufulu wopangana zosiyana nawo pa nkhani za malire, n'chifukwa chake boma la Malawi limatsamira pa pangano la Britain ndi Jeremani la 1890, limene linaika malire m'mbali mwa gombe la kum'mawa, ndiponso pa chigwirizano cha atsogoleri a Afirika ku Cairo mu 1964 chakuti malire amene mayiko anawapeza polandira ufulu alemekezedwe.